Mbalame zakuda m'munda wa mpunga ku Chisi

Chithunzi chimene tikambirane mwezi uno chinatipeza usiku, chitatumizidwa pa foni ndi mnyamata wina wa pa chilumba cha Chisi, m'nyanja ya Chilwa. Iye anachijambula, koma funso linali la mayi ake. Mayiwo anali atawokera mpunga m'dambo la m'mphepete mwa chilumbacho, ndipo kwa masiku angapo ankati akafika m'mawa n'kupeza mbande zina zazulidwa, zikuyandama pamadzi. Tsiku lina mnyamatayo anapeza mbalame zitatu zakuda zili m'ndime momwemo. Anatulutsa foni, nakoka chithunzi mpaka pomalizira, najambula kamodzi kokha, mbalamezo n'kuuluka.

Uthenga wake unali waufupi. "Amayi akuti tifunse ngati mbalamezi ndi zimene zikutha mpunga. Bambo wina woyandikana nafe munda akuti ali ndi mankhwala, tingothira m'madeya n'kumwaza."

Chithunzicho tikachifotokoza mwachilungamo, chinali chachimbuuzi zedi. Munali mabanga atatu akuda, banga limodzi loyera, chobiriwira cha mpunga, ndi kanthu kena kofiira chakumanzere. Mwana wa m'nyumba mwathu atachiona anati ndi mbuzi. Komabe tinakhala nacho pansi madzulo awiri, chifukwa yankho lolakwika likanaphetsa mbalame zosalakwa, ndipo mwinanso likanadwalitsa anthu. Mbalame yofa ndi poizoni sikhalitsa pamene yagwera. Wina amaitola, ndipo mawa lake yalowa mumphika kapena yawotchedwa pamsika.

Choyamba chimene tinachita ndi kusiya kuyang'ana mbalamezo. Zimenezi zimaoneka ngati kutaya nthawi, koma munthu akayamba ndi kukulitsa banga lakudalo ndi zala ziwiri, amangoona timabokosi tamitundumitundu, kenako maso amayamba kumunamiza. Amaona mlomo pomwe palibe mlomo. Foni singabweze chimene sinajambule. Chithunzi choterechi chimawerengeka bwino chikakhala chaching'ono, mutachigwira patali pang'ono, ngati mmene munthu amazindikirira m'bale wake ali kutsidya la dambo poona kayendedwe kake, nkhope asanaione.

Tinafunsa kaye za malo ndi nthawi. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2018. M'mbali mwake mwadzaza njedza ndi madambo amene amasefukira nthawi ya dzinja. Mu 1996 inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, ndipo inali yoyamba m'Malawi muno kulembedwa pamenepo. Chachikulu chimene chinailembetsa ndi mbalame zam'madzi, zimene mitundu yake imaposa 150. Wina angati mitundu yonseyi yachuluka, tiyambira pati? Koma malo amaichepetsa msanga. Mbalame za pachithunzichi sizinali pamadzi akuya kumene asodzi amaponya maukonde, sizinali pamwala, sizinalinso pamtengo wa mlambe kumtunda kwa chilumba. Zinaima m'madzi osafika n'komwe m'mawondo, pakati pa mbande, mu Januwale, m'mawa. Mbalame zakuda zazikulupo zimene munthu angayembekeze pamalo otero ku Chilwa n'zowerengeka pa dzanja limodzi.

Pali tsekwe, amene amadyadi msipu ndi mbewu ndipo angathe kuononga munda. Pali dokowe wakuda wodya nkhono, amene mukafuna kumufufuza pa foni mulembe African Openbill. Pali ina yocheperapo, ya mlomo wowonda wopindikira pansi ngati chisikilo, imene m'mabuku imalembedwa Glossy Ibis. Pali kakowa wakuda, uja amatambasula mapiko n'kudziphimba ngati ambulera akamasaka tinsomba. Yachisanu ndi mphipi, koma iyi tinaichotsa nthawi yomweyo. Miyendo yake ndi yaifupi, ndipo mukaiona imakhala ikusambira thupi litamira, kapena yatera pa chitsa kapena pa bwato itayanika mapiko. Siyendayenda m'ndime ngati munthu wopalira.

Tisanapitirire panali funso lina limene anthu ambiri amalilumpha: kodi mbalamezi n'zakudadi? Munthu akajambula m'mawa atayang'ana kum'mawa, dzuwa lili kumbuyo kwa mbalame, chilichonse chimatuluka chakuda. Nantchengwa, amene ndi wofiirira, amatuluka wakuda. Chimeza wotuwa amatuluka wakuda. Pamadzi vutoli limakula chifukwa kunyezimira kwa madzi kumachititsa foni kuchepetsa kuwala pa chithunzi chonse. Pano chinatithandiza ndi banga loyera lija. Linali kakowa, ataima pafupi ndi mbalame zakudazo, m'kuwala komweko, ndipo anatuluka woyera mbee. Kukanakhala kuti dzuwa linali kumbuyo, nayenso akanatuwa. Choncho kuda kwa zinazo kunali kwenikweni. Pa nkhani ya mtundu tinalekera pomwepo. Kunyezimira kobiriwira kapena kofiirira kumene mabuku amafotokoza pa nthenga za mbalamezi sikuoneka pa chithunzi chotere, ndipo amene akuti akukuona akungofuna kukuona.

Kenako msinkhu. Apa ndi pamene tinatayapo nthawi yambiri, ndipo ndi pamene tinatsala pang'ono kugwa m'mbuna.

Maganizo oyamba anali oyerekeza mbalame yakudayo ndi kakowa uja. Kakowa wotsata ng'ombe amatalika pafupifupi masentimita 50, ndiye tinati ngati yakudayi ikumuposa kwambiri, nkhani yatha. Koma ku Chilwa akakowa oyera alipo a mitundu ingapo, ndipo wamkulu pa onse amafika pafupifupi mita imodzi. Pa chithunzi chachimbuuzi, atapinda khosi, simungalumbire kuti ndi uti. Kuyeza chinthu chosadziwika ndi chinzake chosadziwikanso kuli ngati kugula chimanga ndi ndowa imene simukudziwa kukula kwake. Tinamusiya kakowayo.

Kanthu kofiira kaja ndi kamene kanatipulumutsa. Tinafunsa mnyamatayo kuti n'chiyani, nayankha kuti ndi ndowa ya mayi ake ya malita 20, imene anaisiya pa mgula wa m'mbali mwa ndime. Tinamupempha aiyeze ndi rula ya kusukulu, ndipo anapeza masentimita 38 kuchokera pansi kufika pakamwa. Tsopano tinali ndi muyezo weniweni. Tinatenga kapepala, n'kukagoneka pagalasi la foni, n'kulemba timizere tiwiri posonyeza kutalika kwa ndowayo. Kenako tinasuntha kapepalako kupita pa mbalame imene inaimika khosi. Kuchokera pamwamba pa madzi kufika pamutu, ndowayo inalowa kawiri kuchotsako pang'ono. Ndiye kuti pafupifupi masentimita 70, mapazi ali m'madzi osawerengedwa.

Njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha ngati zinthu ziwirizo zili pa mtunda wofanana kuchokera kwa wojambula. Chimene chili pafupi chimaoneka chachikulu. Pamalo athyathyathya ngati dambo, mumadziwa chimene chili pafupi poyang'ana pamene chakhudza pansi: chimene tsinde lake lili mmunsi pa chithunzi ndicho chili pafupi. Pansi pa ndowa panali mmunsi pang'ono kuposa pamene miyendo ya mbalame inalowera m'madzi. Ndowa inali pafupi, choncho inaoneka yokulirapo kuposa mmene ikanaonekera ili pambali pa mbalame. Ngati tinalakwitsa, tinalakwitsa mochepetsa mbalameyo, osati moikulitsa.

Mukatsegula buku la mbalame, kumbukirani kuti manambala amene amalembedwa mmenemo si msinkhu wa mbalame itaima. Ndi utali wake kuchokera kunsonga ya mlomo kufika kunsonga ya mchira, itagonekedwa. Kwa mbalame ya mlomo wa chisikilo ija amalemba masentimita 55 mpaka 65, ndipo gawo labwino la utali umenewo ndi mlomo womwewo. Kakowa wakuda amakhala chapamenepo kapena kucheperapo. Ngakhale zitaimika makosi chotani, ziwirizi sizingafike pamene mbalame yathu inafika. Dokowe wodya nkhono amalembedwa masentimita 80 mpaka kupitirira 90, ndipo tsekwe amachokera pa 75 n'kupitirira mita. Msinkhu unachotsa ziwiri, n'kutisiyira ziwiri zimene mlandu wonse unagona pa izo: imodzi yodya mpunga, ina yosadya.

Tsopano mlomo. Pa mbalame zitatuzo, imodzi yokha ndi imene inatembenuzira mutu chammbali. Ina inazolika mutu m'madzi, ndipo yachitatu inabisika theka kuseri kwa njedza. Mlomo umawerengeka pokhapokha mbalame ikaonetsa mbali. Ikayang'ana kwa inu kapena kukufulatirani, ngakhale mlomo wautali ngati mpeni umaoneka ngati kadontho, ndipo anthu ambiri amasokonezeka pamenepa n'kutchula dokowe kuti bakha.

Chizindikiro chimene dokoweyu amadziwika nacho ndi mpata umene umatsala pakati pa mlomo wapamwamba ndi wapansi, ngakhale atatseka pakamwa. Mukamuona pafupi, kuwala kumadutsa pa mpatawo. Pa chithunzi chathu mpatawo sunaoneke, ndipo sitinauyembekeze. Chimbuuzi chili ndi khalidwe limodzi limene ndi bwino kuliloweza: chimadya zinthu zowonda ndi mipata ing'onoing'ono, n'kusiya zinthu zonenepa. Ndiponso ana a dokoweyu amakhala ndi mlomo wosatseguka kwenikweni, mpata umakula pamene akukula. Kusaoneka kwa mpata sikunatsutse chilichonse.

Chimene tinayang'ana ndi utali wa mlomo poyerekeza ndi mutu wa mbalame yomweyo. Muyezo umenewu ndi wabwino chifukwa sufuna ndowa, ndipo kutalikira kwa wojambula sikuusintha. Mlomo wa tsekwe ndi waufupi, sutalika kuposa mutu wake, ndipo umatsetsereka kuchokera pamphumi ngati mphero. Pa chithunzi, mlomo unali wautali kuwirikiza kawiri mutu, wonenepa patsinde, wosapindikira pansi, ndipo unali wotuwirako kuposa thupi. Kunenepa kwake kunatiuzanso china. Mlomo wa chisikilo uja ndi wowonda kwambiri moti pa chithunzi choipa ngati ichi nsonga yake ikanasowa, mbalameyo n'kuoneka ngati yaduka mlomo. Uwu unatsala wonse, wolemera, ngati mbalame yaluma chikuni.

Tikanatha kuimira pomwepo, koma chizindikiro chimodzi sitichikhulupirira chokha, makamaka ngati chachokera pa mbalame imodzi mwa zitatu. Tinapita ku kaimidwe, kamene kamapirira chimbuuzi kuposa china chilichonse.

Tsekwe ndi mbalame yolemera, yaimuna imatha kupitirira makilogalamu 5. Thupi lake limagona chopingasa ngati bwato, chifuwa chili chodzaza, ndipo ngakhale miyendo yake ndi yotalikirapo kuposa ya bakha wa pakhomo, akaima m'ndime mimba imayandikira nsonga za mbande. Pa chithunzi chathu, pansi pa mimba ya mbalame ziwiri zooneka bwinozo panali mpata waukulu, ndipo chobiriwira cha mpunga chinkaonekera kuseri. Miyendo yeniyeniyo inali itasungunuka, kungotsala timizere totuwa, koma mpatawo unasonyeza kuti thupi lanyamulidwa m'mwamba ndi miyendo yaitali. Ngati miyendo sikuoneka, yang'anani kumene thupi lalenjekeka. Ndipo mbalame yozolika ija inali itawerama kuchokera m'mapewa, mchira uli m'mwamba pang'ono, mlomo utalowa m'madzi mpaka pafupi ndi maso. Ndi kaimidwe ka chinthu chimene chikufufuza m'matope. Tsekwe akamadya msipu amatambasula khosi kutsogolo n'kumabudula, thupi lili chigonere.

Panalinso nkhani ya zoyera. Tsekwe amakhala ndi zoyera kumimba ndi kumaso, ndipo choyera pa chithunzi chachimbuuzi sichibisika, chimafalikira m'mbali ngati mkaka wotayikira pansalu yakuda. Pa mbalame zathu panalibe choyera chilichonse. Ichi tinachiwerenga ngati umboni wothandizira chabe, chifukwa atsekwe ena, makamaka a chakummwera kwa Afirika, amakhala ndi zoyera zochepa kwambiri. Chinatithandizanso kuchotsa adokowe a mitundu ina amene amabwera nthawi ya dzinja, akuda kumsana koma oyera kumimba.

Tinafunsanso mnyamatayo chimene foni sinajambule koma maso ake anaona: pouluka, khosi linali bwanji? Anati linali lotambasuka, miyendo ili kumbuyo ngati ndodo. Akakowa ndi achimeza amapinda khosi pouluka, mutu n'kubwerera m'mapewa. Adokowe amalitambasula. Tsekwe nayenso amatambasula khosi, koma miyendo yake siitulukira kutali kuseri kwa mchira, ndipo mapiko ake amaonetsa zoyera kutsogolo kwake. Wojambula nthawi zambiri amadziwa zambiri kuposa chithunzi chake, kungoti palibe amene wamufunsa.

Malo, msinkhu, mlomo, kaimidwe ndi kaulukidwe zinaloza kumodzi. Mbalame ziwirizo zinali adokowe odya nkhono, ndipo tinawayankha motero popanda kukayika. Yachitatu, ya kuseri kwa njedza, tinakana kuitchula dzina. N'zotheka kuti inali mnzawo, pakuti adokowewa amakonda kuyenda m'magulu. Koma chimene chinaoneka ndi msana wakuda basi, wopanda mutu, wopanda miyendo, ndipo mbalame za mitundu yosiyana zimadyera limodzi m'dambo tsiku ndi tsiku. Mnyamatayo anadandaula pang'ono kuti tamusiyira ntchito yosatha. Ife tikuona kuti ziwiri zotsimikizika ndi imodzi yosadziwika ndi yankho labwino kuposa zitatu zongoganizira. Anthu amene amawerenga mbalame za ku Chilwa mu Januwale ndi mu Julaye, mothandizana ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, amakumana ndi vuto lomweli, ndipo kaundula wawo amakhala wodalirika pokhapokha ngati chimene sichinaoneke bwino sichinapatsidwe dzina mokakamiza. Achinyamata athu a Pathfinder amene akulemba mndandanda wa mbalame zimene aona angatengerepo phunziro pa banga lachitatuli.

Dokoweyu sadya mpunga. Chakudya chake ndi nkhono zikuluzikulu zam'madzi ndi nkhungudza za m'matope zokhala ndi zigoba ziwiri. Anthu ambiri amaganiza kuti mpata wa pamlomo uja ndi wophwanyira chigoba ngati mmene timaswera mtedza, koma si mmene amachitira. Amagwira nkhono, n'kulowetsa nsonga yakuthwa ya mlomo wapansi, n'kudula mnofu umene umaimangirira ku chigoba, n'kuisolola. Chigoba chimatsala pafupifupi chathunthu. Kunena zoona, mbalame yaikulu chonchi ikamayenda m'ndime yongowokedwa kumene ingathe kupondereza mbande ziwiri zitatu. Koma kuzula mbande zambiri usiku ndi usiku si ntchito yake.

Apa ndi pamene chithunzi chinafika pa malire ake, ndipo tinayenera kuwauza mayiwo mosabisa. Chithunzi chimanena chimene chinaima m'munda pa mphindi imene chinajambulidwa. Sichinena chimene chinali mmenemo pakati pa usiku. Mbande ankazipeza zitazulidwa kale m'mawa, ndiye wolakwa ayenera kuti ankabwera kukada n'kuchoka kusanache, adokowe n'kufika pambuyo pake kudzasenza mlandu. Ku Chilwa kuli abakha oimba mluzu, amene anthu a kunyanja amawatcha chipweyo. Amabwera m'magulu, amadya kwambiri usiku, ndipo amakonda minda ya mpunga. Tinapempha mnyamatayo kuti akayang'ane zinthu ziwiri pa matope a m'mbali mwa ndime, ataima pa mgula. Choyamba ndi zigoba za nkhono zopanda kanthu, zosasweka, zitaunjikana pamalo amodzi. Chachiwiri ndi mapazi. Dokowe amasiya zala zitatu zazitali zotayana, pamene bakha ndi tsekwe amasiya chidindo cha chikopa cholumikiza zala, cha tsekwe chili chachikulu pafupifupi ngati chikhatho cha mwana.

Tinanenetsa kuti aime pa mgula, ndipo tikunenetsanso kwa inu nonse amene mumatitumizira zithunzi. Musalowe m'madzi a m'dambo pongofuna chithunzi chabwino. Madzi odekha, ofunda, a zomera zambiri ngati amenewa ndi kwawo kwa tinkhono tofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu m'mphindi zochepa. Wina anatifunsa ngati kupezeka kwa dokowe wodya nkhono sikutanthauza kuti madziwo ayeretsedwa. Ayi. Iye amasankha nkhono zikuluzikulu zokhala ndi mnofu, pamene zofalitsa likodzo ndi ting'onoting'ono, tosaposa chikhadabo. Olima mpunga sangapewe madzi, zimenezo tikudziwa, ndipo n'chifukwa chake aliyense woona magazi mumkodzo ayenera kupita kuchipatala kumene mankhwala ake alipo. Koma kulowamo chifukwa cha chithunzi n'kudziputira matenda pachabe.

Pali zina zing'onozing'ono zimene zikanapangitsa chithunzichi kukhala chosavuta, ndipo sizifuna foni yodula. Kukoka chithunzi mpaka pomalizira kumakulitsa kugwedezeka kwa dzanja, ndipo pa mafoni ambiri sikuwonjezera chilichonse chimene diso la foni silinaone. Ndi bwino kukoka pang'ono, kutsamiritsa chigongono pa bondo kapena pa mtengo, n'kujambula kasanu kapena kakhumi motsatizana. Mwa zithunzi khumi, chimodzi chimagwira mutu uli chammbali. Kavidiyo ka masekondi khumi kamaposa zonsezi, chifukwa kamaonetsa kayendedwe ndi kadyedwe, nthawi zina ndi kulira komwe. Musadule m'mbali mwa chithunzi musanatumize. Mnyamata wathu akanadula kuti mbalame zioneke zazikulu, ndowa ija ikanapita, kakowa akanapita, ndipo ife tikanatsala ndi mabanga atatu opanda muyezo. Pa WhatsApp, chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse chimafinyidwa n'kutaya zina mwa zochepa zimene chinali nazo. Mukachitumiza posankha Document chimafika mmene chinajambulidwira.

Patapita masiku anayi mnyamatayo analembanso. Zigoba anazipeza, mulu wonse pakona ya ndime, zambiri zili zathunthu. Mapazi a chikopa anawapezanso, ang'onoang'ono, ambirimbiri, mbali imene mbande zinazulidwa kwambiri. Usiku wotsatira iye ndi malume ake anakagona pa msasa pafupi ndi munda, ndipo chapakati pa usiku anamva mluzu wa abakha ukuzungulira m'mwamba. Anaimba zitini, nawalitsa tochi, gululo n'kupitirira. Tsopano amanga chingwe chodutsa pamwamba pa ndime, apachikapo zitini ndi timapepala ta pulasitiki, ndipo akusinthana kulondera mpaka mbande zitagwira mizu. Mayiwo abwezeretsa m'mipata ndi mbande zotsala ku nazale.

Za mankhwala aja, mayiwo anakawabweza kwa mwini wake. Mnyamatayo akuti mawu awo anali akuti, "Bambo, sungani zanuzo. Zidzukulu zanga zimatola chilichonse chimene chagwa m'dambo muno." Madeya a poizoni akanapha abakha ena, n'zoona, koma akanaphanso nkhuku za m'madzi, tinsomba ta m'ngalande, nkhwazi yodya zakufazo, ndipo zina zikanathera m'mbale za anthu a ku Chisi ndi ku Kachulu komwe.

Mu uthenga womwewo munali chithunzi china, chojambulidwa pa bwato pobwerera kuchokera ku Kachulu. Ndi mbalame yaikulu yotuwa, ili yokha pamadzi, dzuwa lili kumbuyo kwake, ndipo palibe ndowa pafupi. Tamufunsa kale mnyamatayo kuti inali nthawi yanji, ndipo ngati mlomo unagona pachifuwa kapena unaloza kutsogolo.